Buku la handiova pa risepushoni: zoti wa usiku azilemba kuti m'mawa pasamakhale phokoso

Vuto la handiova, kusiyirana ntchito kwa wa shifiti ya usiku ndi wa m'mawa, ndi lomwelomwelo pafupifupi loji iliyonse yaing'ono kuno ku Dedza, olo mutsike ndi M1 mpaka pa Ntcheu muzipeza. Wa usiku waweruka, wakwera kabaza wapita kukagona, foni wathimitsa, nde hafu 7 ikamakwana mlendo waima pa risepushoni chikwama chili m'manja, akuti "ine ndinalipira kale usiku kwa mnyamata uja". Wa m'mawa atsegula buku, apeza mwalembedwa mawu awiri basi, "zonse bwino". Zonse ziti? Apa mpamene pamayambira kukangana, mlendo akufulumira akufuna akakwere basi ya ku Lilongwe, wa m'mawa akuopa kuti akamusiya apite, ndalamayo adzamudula iyeyo pa malipiro, bwana akuimbiridwa foni ali m'bafa.

Nthawi zambiri sikuti wa usiku waba ayi. Kungoti zomwe akudziwa zapita naye kunyumba m'mutu mwake. Ndiye muyeso wa noti yabwino ine ndimauona chonchi: wa m'mawa athe kugwira ntchito mpaka masana osakuimbira foni olo kamodzi. Ngati amakudzutsa tsiku lililonse kufunsa za mlendo wa mu chipinda 7, vuto si iyeyo, ndi buku lako.

Ndalama mu dilowa sizikugwirizana ndi kaundula

Ili ndiye lalikulu, tiyeni tikhalepo pang'ono. Chizindikiro chake mumachidziwa, wa m'mawa awerenga alendo omwe alowa usiku, achulukitsa ndi mtengo wa chipinda, aona mu dilowa, ndalama zaperewera. Nthawi yomweyo mtima uli phaa, wayamba kuganizira mnzake zoipa.

Tiyeni titenge chitsanzo, mitengoyi ndangoika kuti masamu aoneke, inu muikepo yanu. Wa usiku analandira dilowa ili ndi fuloti ya K50,000, zija zosungira chenje. Usiku kwalowa alendo atatu. Wa mu 3 chipinda cha K35,000, wa mu 7 chipinda cha K35,000, wa mu 11 chipinda chachikulu cha K45,000. Komanso zakumwa za mu filiji zagulidwa za K6,000. Wa m'mawa akaphatikiza zonsezi akuyembekezera kupeza K171,000. Awerenga mu dilowa, muli K91,000. K80,000 yapita kuti?

Sinapite kulikonse. Bambo a mu 7 anapereka K20,000 yokha, anati yotsalayo apereka m'mawa akakatapa ku ejenti, ndiye K15,000 ikadali m'thumba mwawo. Mayi a mu 11 analipira pa Airtel Money, K45,000 yawo ili mu foni ya loji osati mu dilowa. Ndipo magetsi atathima wa usiku anatenga K20,000 kutuma mlonda kukagula dizilo wa jenereta. Phatikizani 15,000 ndi 45,000 ndi 20,000, ndi 80,000 yomweyo ndendende. Palibe wakuba apa, koma popanda mizere itatu m'buku munthu angachotsedwe ntchito pa nkhani imeneyi.

Mankhwala ake ndi oti ndalama zizilembedwa malinga ndi njira yomwe zalowera, kashi payokha, za pa foni pazokha, za pa makina a khadi pazokha ngati muli nawo. Osalemba "walipira" basi. Mawu amenewa paokha sathandiza chilichonse, pazioneka zingati, mwa njira yanji, nambala ya risiti, ndi zomwe zatsala. Usiku umenewu buku likanayenera kuoneka motere:

Fuloti yomwe ndinalandira: K50,000.
Mu 3: chipinda K35,000, alipira yonse kashi, risiti yadulidwa, palibe chotsala.
Mu 7: chipinda K35,000, apereka K20,000 kashi, YATSALA K15,000, ati apereka asanatuluke. Musalandire kiyi musanatenge ndalamayi.
Mu 11: chipinda K45,000, alipira yonse pa Airtel Money 22:40, meseji ili mu foni ya loji.
Zakumwa: K6,000 kashi.
Zotuluka: K20,000 dizilo wa jenereta 23:15, bwana anavomera pa foni, anakagula mlonda, risiti ili mu dilowa.
Kashi yomwe ndikusiya: K91,000.

Taonani mzere womalizawo. Wa m'mawa safunikanso kuganiza, amangowerenga ndalama, zikakwana K91,000 wasaina, nkhani yatha.

Pa za foni pali zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza anthu. Choyamba, dzina lomwe labwera pa meseji kawirikawiri si la mlendoyo. Munthu amamulipirira mchimwene wake ali ku Blantyre, kapena bwana wake wa thiraki, kapena anakatumizira pa ejenti. M'mawa wina akamafufuza dzina la mlendo mu foni salipeza, nde amati sanalipire. Choncho lembani dzina lomwe laoneka pa mesejiyo, nthawi yake, ndi manambala omaliza a Trans ID, nambala ija imabwera pa meseji ya malipiro, olo asanu okha akwana kuti munthu aipeze. Chachiwiri, ndalama imatengedwa kuti yalowa pokhapokha yaoneka pa foni ya loji. Mlendo akakuonetsani meseji kapena chithunzi pa foni yake, chimenecho si umboni, mameseji abodza alipo, komanso munthu akhoza kulakwitsa nambala imodzi ndalama nkupita kwa wina, iyeyo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti walipira. Ngati meseji yachedwa chifukwa cha netiweki onani balansi, *211# pa Airtel Money, *444# pa Mpamba. Ngati sikuonekabe musalembe kuti walipira, lembani kuti "akuti atumiza K45,000 nthawi yakuti kuchokera pa nambala yothera mwakuti, sinaoneke kuno, tsimikizani asanatuluke". Wa m'mawa akaona zimenezo amadziwa poyambira ndipo sayamba ndi kunyoza mlendo.

Ndiye pali anthu a wekishopu. Bungwe likabweretsa anthu khumi kudzachita msonkhano, nthawi zambiri limalipira chipinda ndi kadzutsa basi, pa invoisi, ndalama imabwera pambuyo. Koma usiku wina waitanitsa chipisi ndi nkhuku, wina watenga ma Fanta awiri ndi madzi, akuti "ikani pa bilu". Bilu yake iti? Ya bungwe siilandira zimenezo. Ngati wa usiku sanalembe kuti mu 5 muli ngongole ya K9,000 yoti alipire yekha mwini wake, m'mawa anthu aja amatuluka onse pakamodzi, galimoto ikulira panja, makiyi akungoponyedwa pa kauntala, ndalama ija yapita, ndipo simudzaionanso. Ngongole zoterezi zizilembedwa pa chipinda chilichonse payekha, ndi mawu oti "alipira yekha", ndipo ngati nkotheka mlendo asaine kapepala usiku womwewo akadakumbukira zomwe wadya.

Mlendo akuti analipira mpaka mawa

Ili ndi la deti, limaoneka laling'ono koma limabwera mobwerezabwereza makamaka malo omwe ali m'mbali mwa msewu. Munthu wafika 1 koloko usiku, tinene kuti kalendala yalowa kale pa 15. Wa usiku alemba pa risiti 15. Mlendo m'mutu mwake akuti ndalipira usiku wa pa 15, ndituluka pa 16. Loji ikuwerenga kuti wagona usiku wa pa 14, atuluke pa 15 nthawi ya 10 koloko. M'mawa okonza zipinda agogoda, mlendo akwiya, atulutsa risiti, ndipo kunena zoona risitiyo ikumuikira kumbuyo iyeyo.

Aliyense wofika pakati pa usiku patadutsa, lembani zinthu zitatu, pa risiti ndi m'buku momwe: nthawi yomwe wafika, usiku womwe walipira, ndi deti ndi ola lotulukira. "Wafika 01:10 pa 15, walipira usiku wa pa 14, atuluka pa 15, 10 koloko, ndamuuza wavomera." Mawu oti ndamuuza wavomera musawasiye, ndi omwe amapatsa wa m'mawa mphamvu yoyankhula. Wofika 4 koloko m'bandakucha ndiye nkhani ina, pamenepo bwana anene yekha lamulo lake kuti kuyambira ola liti munthu amawerengedwa wa tsiku latsopano, osasiyira wa pa shifiti kuti aziganiza yekha tulo tili m'maso.

Chipinda chagulitsidwa muli munthu, kapena chakhala chopanda munthu tsiku lonse

Choyambitsa chake pafupifupi nthawi zonse ndi kusamutsa mlendo usiku osalemba. Mwezi wa Juni ndi Julaye kuno kuzizira mumakudziwa, mlendo wa mu 4 wapeza giza sakutenthetsa, wabwera kudzadandaula, wa usiku wachita bwino ndithu wamupatsa kiyi wa mu 9. Koma kaundula akunenabe kuti ali mu 4. M'mawa kwabwera munthu wa bukingi, wa m'mawa aona 9 ilibe dzina, atenga kiyi wa sipeya, atsegula, apeza munthu ali m'bulangeti. Manyazi ake osanena. Mbali inayi 4 ikuoneka ngati muli munthu, palibe woikonza, palibe woitana pulambala, madzulo igulitsidwanso kwa wina ndi giza wakufa yemweyo.

Kusamutsa kulikonse kumafuna mizere iwiri osati umodzi. Wa chipinda chomwe walowa, "mu 9 muli mlendo wochokera mu 4, mtengo womwewo sanaonjezere". Ndi wa chipinda chomwe wachoka, "mu 4 mulibe munthu, bedi linagwiritsidwa ntchito pafunika kusintha zofunda, giza sakugwira, CHISAGULITSIDWE mpaka akonze". Ndipo polemba za chinthu chowonongeka nenani zomwe mwaona ndi zomwe mwayesa. "Giza wafa" sizithandiza wokonza. "Switchi ikuyaka koma patatha ola madzi akadali ozizira" ndi nkhani ina, "switchi sikuyaka nkomwe, ndinakweza buleka yagwanso" ndi nkhani inanso, woyamba mwina ndi elementi, wachiwiriyo ndi wa magetsi ndipo musamangokweza buleka mobwereza, isiyeni choncho. Wa m'mawa akadziwa zimenezi amadziwa woti amuitane.

Njira yachangu yogwirira zolakwika zamtunduwu ndi makiyi. Cha m'ma 5 koloko werengani makiyi omwe ali pa bolodi, muphatikize ndi zipinda zomwe buku likuti muli anthu, zikwane chiwerengero cha zipinda zonse. Loji ya zipinda 12, m'buku muli anthu mu zipinda 8, pa bolodi payenera kukhala makiyi 4. Mukapeza 5 ndiye kuti wina watuluka osalembedwa, mukapeza 3 ndiye kuti pali chipinda chomwe chaperekedwa osalowa m'kaundula kapena kiyi wapita ndi munthu. Madalaivala omwe amafuna kukafika pa bodala m'mamawa, kaya pa Dedza kaya pa Biriwiri, amadzuka kukadali mdima, ena kiyi amasiyira mlonda pa geti, ena amamusiya pa chitseko, ena amaiwala ali naye m'thumba mpaka ku Tete. Nde musanatseke buku funsani a mlonda kuti watuluka ndani, nthawi yanji, kiyi ali kuti. Iwowo amaona zambiri zomwe inu pa kauntala simuona.

Zomwe munalonjeza mlendo

Apa mpamene mbiri ya loji imaonongekera mwakachetechete, chifukwa mlendo sasiyanitsa wa usiku ndi wa m'mawa, kwa iye loji ndi yomwe inalonjeza. Wauzidwa kuti madzi otentha a mu ndowa afika hafu 5, kadzutsa akonzeka 6 koloko chifukwa akufuna kunyamuka msanga kukaona zojambula za pa miyala ku Chongoni, kapena kuti akhoza kutuluka 12 koloko osaonjezera ndalama. Wa usiku anavomera ndi mtima wabwino nkuiwala kulemba. M'mawa kukhitchini sakudziwa, okonza zipinda sakudziwa, wa pa risepushoni akumuuza kuti "ife sitinauzidwe", mawu omwe mlendo aliyense amadana nawo.

Lonjezo lililonse lilembedwe ndi chipinda, chinthu chake, ola lake, ndi yemwe akuyenera kuchita. Zomwe ola lake lili pafupi zikhale pamwamba penipeni pa tsamba, ndalama zibwere pambuyo, chifukwa ndalama zikhoza kudikira mphindi makumi awiri koma munthu woti adzutsidwe 6 koloko sangadikire. Ndipo ngati lonjezolo likukhudza ndalama, monga kuchotsera mtengo, lembani yemwe anavomereza. "Bwana avomera pa foni 21:30 kuti mu 2 alipire K30,000 chifukwa akhala masiku anayi." Mukangolemba K30,000 popanda chifukwa, wa m'mawa aganiza kuti K5,000 mwaika m'thumba, kapena akaitchajanso kwa mlendo. Zoti "ndi m'bale wawo wa bwana, anati tisamulipiritse" nazonso zilembedwe ndithu, anauza ndani, nthawi yanji, chifukwa mawu amenewa alowetsa anthu ambiri m'mavuto pakutha pa mwezi.

Mabukingi obwera pa foni usiku ali m'gulu lomweli. Dzina, nambala, tsiku lofika, masiku angati, mtengo womwe mwamuuza, depoziti watumiza kapena ayi. Makamaka mtengo womwe mwamuuzawo.

Zomwe zachitika usiku, ndi zomwe simuyenera kulemba

Phokoso, ndewu, munthu wadwala, galasi lasweka, wina wabwera kudzafunsa mlendo, zonsezi zilembedwe mwachidule, ola ndi zomwe munaona ndi zomwe munachita. "23:50 mu 6 wailesi inali pamwamba, a mu 5 anadandaula, ndinakawauza anatsitsa." Basi. Musaonjezere kuti anali ataledzera ngati chiyani kapena ndi anthu opanda khalidwe. Buku limakhala pa kauntala, limatsegulidwa ndi anthu ambiri, tsiku lina likhoza kufunidwa ndi apolisi kapena mlendo yemweyo nkuliona. Zoti bambo akuti anabwera ndi mayi akuti, zimenezo si za m'buku la handiova, ndipo tauni ngati Dedza kapena Ntcheu anthu timadziwana, nkhani siichedwa kufika kunyumba kwa munthu. Gwiritsani nambala ya chipinda m'malo mwa dzina paliponse pomwe zingatheke. Manambala a ziphaso ndi mapasipoti malo ake ndi m'kaundula wa alendo, yemwe amasungidwa mu dilowa, osati kumawajambula nkuponya pa gulupu ya WhatsApp ya antchito.

Wina akabwera usiku kufunsa ngati wakutiwakuti wagona pano, simuyankha, koma mumalemba kuti kunabwera munthu nthawi yakuti kufunsa za mlendo wa mu 8, sindinamuuze kanthu. Wa m'mawa akhale tcheru chifukwa munthu uja amabweranso kukacha kudzayesa kwa wina.

Buku lilipo koma mavuto sakutha

Ngati mumalemba koma zinthu zikusokonekerabe, yang'anani nthawi yomwe mumalembera. Ambiri amadikira kotala tu 6, maso ali ofiira, nkuyamba kukumbukira za usiku wonse. Sizitheka, chinachake chitsala, ndipo chomwe chimatsala ndi chija chachilendo chomwe chimafunika kwambiri. Lembani chinthu chikangochitika, mlendo asanafike nkomwe pa chitseko cha chipinda chake. Ya 5 koloko ija ikhale yongowerenganso, kuwerenga makiyi, kuwerenga ndalama, ndi kukweza pamwamba zofulumira.

Chachiwiri, onani ngati mumapatsana pamaso. Handiova si kusiya buku pa kauntala nkuthawa. Wa m'mawa afike mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu nthawi isanakwane, muwerenge ndalama nonse awiri, awerenge noti inu muli pompo, afunse pomwe sakumva, kenako musaine nonse ndi ola lake. Akasaina, dilowa ndi yake. Zoti "achimwene pitani ndiwerenga bwino lino" muzikana mwaulemu, chifukwa zikadzaperewera palibe angadziwe kuti zinasowa m'manja mwa ndani, ndipo ubale umathera pomwepo. Foni ya loji nayo ndi ya pa handiova, iperekedwe ili ndi moto, mameseji a usiku osafufutidwa.

Nanga wa m'mawa akachedwa, mvula yagwa kapena mwana wadwala, inu simungadikire? Ikani ndalama mu envulopu, lembani kuchuluka kwake pamwamba, matani, sainani podutsa pomatapo, a mlonda kapena a kukhitchini aone ndi kusaina nawo, ikani motsekedwa, kenako jambulani tsamba la buku mutumizire bwana yekha. Chenje chochepa chokha ndi chomwe chitsale mu dilowa, nacho chilembedwe.

Buku lenilenilo likhale lachikuto cholimba, masamba ake muwalembe manambala kuyambira loyamba mpaka lomaliza, osang'amba tsamba olo mutalakwitsa. Mwalakwitsa, dulani mzere umodzi kuti zakale zizionekabe, lembani zolondola pambali, sainani. Timapepala tomata pa kauntala ndi mameseji a pa WhatsApp zimathandiza kukumbutsa koma sizilowa m'malo mwa buku, kapepala kamauluka, foni imatha bando.

Pali china chomwe chimaiwalika, nkhani zosatha. Giza wa mu 4 walembedwa Lolemba, sanakonzedwe, Lachiwiri palibe walembanso chifukwa aliyense akuti zinalembedwa kale, pofika Lachinayi chipinda chagulitsidwa. Chilichonse chomwe sichinathe chizikopedwanso pa tsamba latsopano shifiti iliyonse, ndi deti lomwe chinayambira, mpaka wina alembe kuti chatheka ndi kusaina. Zimatopetsa kulemba chinthu chimodzi kanayi, eya, koma bwana akaona "kuyambira pa 14" ili pa tsamba la pa 18 amachita manyazi nkuitana wokonza.

Ndipo abwana nanunso, mukabwera usiku nkutenga K30,000 mu dilowa kuti mukagule zinthu za kukhitchini ku msika m'mawa, lembani m'buku lomwelo ndi dzanja lanu, musaine. Wa usiku sangakukanizeni, komanso ambiri amaopa kukuuzani kuti "bwana sainani apa", ndiye yambani ndinu kupempha cholembera.